Mlendo Wadza ndi Kalumo pa Gulu la Banja

Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ife tinakula tikuganiza kuti kalumoko n'kodzatimetera eni mudzi malumo athu akabuntha. Palibe anatiuza kuti kalumo sikasankha podula. Mwezi wathawu pa gulu la WhatsApp la banja lathu panafika mlendo wotere. Unali uthenga wonena kuti WhatsApp yakale itsekedwa Lachisanu, choncho aliyense adine linki aike yatsopano, yamitundu yokongola, yosadya deta. Anautumiza ndi malume athu aakulu, munthu woti bodza sadziwana nalo, ndipo m'munsi mwake anawonjezera kuti, "Tithandizane abale."

Mlendo wakale ankafika pakhomo n'kuodira, ife n'kumuyalira mphasa, n'kumufunsa kumene wachokera ndiponso kuti ndi mwana wa yani. Wa pa foniyu safika yekha. Amabwera ndi dzina la malume pamwamba, pambali pali chithunzi chawo atavala suti ya pa ukwati. Ukakayikira linki, zimaoneka ngati wakayikira malume, ndipo palibe mphwa wolongosoka amene angachite zimenezo pamaso pa azakhali, alamu ndi zidzukulu. Komatu pamwamba pa uthengawo panali timivi tiwiri ndi mawu akuti Forwarded many times. WhatsApp imaika chizindikiro chimenechi uthenga ukadutsa m'manja kasanu kapena kuposerapo. Ndiye kuti malume sanaulembe, amene anawapatsa sanaulembe, ndipo mwini wake weniweni palibe pabanjapo amene anamwapo naye tiyi.

Chimene chimachitika munthu akadina n'choyenera kuchidziwa, chifukwa kalumoka sikacheka nthawi imodzi. Pa foni ya Android, monga ma itel ndi ma Tecno amene ambirife tili nawo, linkiyo imatsegula tsamba looneka ngati la WhatsApp, lobiriwira bwino, kenaka foni imatsitsa fayilo yomwe dzina lake limathera ndi .apk. Mpaka apo palibe chawonongeka. Fayiloyo ili chikhalire, siingadziike yokha. Mukaidina, foni imakana, n'kukuuzani kuti siloledwa kuika mapulogalamu ochokera kumalo osadziwika. Kuti mupitirire muyenera kulowa mu Settings nokha, ndi chala chanu, n'kuyatsa Allow from this source. Nthawi zina Play Protect imachenjezanso kachiwiri. Ine chimene chimandiseketsa n'chakuti foni yotchipa, yosweka galasi, yomangidwa ndi labala kumsana, imakhala itayesetsa kulangiza mwini wake kawiri konse, koma mwini wakeyo n'kumaikalipira kuti ikuchedwetsa zinthu.

Ikalowa, pulogalamuyo imayamba kupempha, ndipo kupempha kwakeko ndiko kumaiulula. Imafuna kuwerenga ma SMS, kuona manambala onse a m'foni, kuwerenga mauthenga amene amatulukira pamwamba pa sikirini, ndiponso chilolezo cha Accessibility. Chomalizachi anachipangira anthu ovutika kuona kapena kugwira foni, koma pulogalamu ikachilandira imatha kuona zolembedwa pa sikirini ndi kudina mabatani ngati munthu. Chilolezo cha ma SMS nachonso si chachibwana. Manambala achinsinsi amene banki imatumiza potsimikiza kuti ndinudi amabwera pa SMS, ndipo manambala 6 olowera mu WhatsApp pa foni yatsopano amadzeranso komweko. Mlendo akaziona zimenezi, wameta kale.

Izi si nthano. Mu Epulo 2021 kunafala pulogalamu yotchedwa WhatsApp Pink, yolonjeza kusandutsa WhatsApp yobiriwira kukhala yapinki. Amene anaiika sanaone pinki iliyonse. Inkabisa chizindikiro chake pa sikirini, n'kumayankha yokha mauthenga obwera potumiza linki yomwe ija. Tangoganizani: apongozi akulemberani za maliro, foni yanu n'kuwayankha kuti aike WhatsApp yapinki. Chaka chomwecho ku Ulaya kunavuta FluBot, yomwe inkafika pa SMS ngati uthenga wa katundu wotumizidwa, ndipo pena inkadzitcha apudeti yoteteza foni.

Tsono ntchito yochenjeza banja inagwera msuweni wanga wina, chifukwa anaphunzira zamakompyuta, ndipo pabanja lathu wophunzira zamakompyuta ndi amene amakonzanso wailesi, ayironi ndi sola. Uthenga wake woyamba unayamba ndi malonje. Analonjera agogo, malume, azakhali, a ku Joni, a ku Lusaka, anafunsa za mvula ndi za mwendo wa agogo, anathokoza Mulungu potisunga. Chenjezo linafika pa ndime yachinayi, pamene WhatsApp inali itadula kale uthengawo n'kuika Read more. Pabanja pathu palibe amadina Read more. Linki ya mlendo amadina, koma Read more ya mwana wawo ayi. Anthu anayankha "Amen," wina anaika timanja topemphera, ndipo azakhali anafunsa ngati WhatsApp yatsopano ija ilipo ya foni yawo.

Wachiwiri anaufupikitsa, koma anayamba ndi mawu akuti, "Linki imene atumiza malume ndi yabodza." Umenewu tinaugwira usanatuluke. Mfundo yake inali yoona, koma ukanabala mlandu wokambidwa mpaka pa Khirisimasi, ndipo choopsa kwambiri, aliyense amene anali ataika kale pulogalamuyo akanakhala chete chifukwa cha manyazi. Munthu wochita manyazi sanena kuti foni yake yayamba kutentha, batire ikutha masana asanakwane, bandulo ikusungunuka, ndipo anzake akumufunsa za mauthenga amene iye sanatumize. Amangoti foni yakalamba. M'malo mwake msuweni anawaimbira malume pambali. "Malume, pepani kukusokonezani, uthenga uja anthu oipa akupusitsa nawo anthu ambiri, ngakhale ophunzira. Mungatilole tiuchotse?" Malume anavomera, ndipo anaonjeza kuti iwo anaukayikira kuyambira pachiyambi. Sitinatsutse. Uthengawo unachotsedwa ndi Delete for everyone, zimene wotumiza kapena adimini wa gulu angachite pasanathe masiku awiri.

Wachitatu ndi umene unapita, ndipo ndi uwu:

"Abale, musaike apudeti iliyonse yobwera pa linki, ngakhale itachokera kwa ine. Apudeti yeniyeni ili mu Play Store kapena App Store basi. Foni ikakana kuika chinthu, imvereni. Ngati mwaika kale, zimitsani deta mundiimbire, palibe mlandu."

Ine ndimaukonda uthengawu kuposa maulaliki ambiri amene ndamvapo. Mawu akuti "ngakhale itachokera kwa ine" akugwira ntchito ziwiri. Akuchotsa malume pa mlandu, komanso ndi oona ndithu, chifukwa foni ya msuweniyo itagwidwa, linki idzabwera m'dzina lake. Uthengawu sukuphunzitsa anthu kusiyanitsa linki yabwino ndi yoipa, ndipo ndikuona kuti anachita bwino. Mukauza agogo kuti aziona ngati adiresi ikuthera pa whatsapp.com, wakuba adzalemba dzina la WhatsApp koyambirira kwa adiresi yake, agogo n'kuti ndaliona. Lamulo losavuta ndi lonena za malo. Tsegulani Play Store, lembani WhatsApp, ndipo ngati pali apudeti muona batani la Update. Ngati palibe, palembedwa Open. Apudeti ya foni yeniyeniyo imapezeka mu Settings, pa System update kapena Software update, malinga ndi mtundu wa foni. Zonsezi sizidutsa pa gulu la banja. Akatswiri adzati WhatsApp ili ndi fayilo yakeyake pa tsamba lake. N'zoona, koma zimenezo azikambirana okhaokha, asazibweretse kumene kuli azakhali.

Chiganizo chomaliza ndicho chinabala zipatso. Madzulo omwewo mlamu wina anaimba, mawu ali pansipansi, akuti akufunsira mnzake wa kuntchito. Mnzakeyo anali ndi foni yofanana ndi ya alamu, yosweka pakona yomweyo. Msuweni anawauza ayambe azimitsa deta ndi Wi-Fi kuti pulogalamuyo ileke kutumiza ndi kulandira. Kenaka analowa mu Settings, pa Apps, n'kuyang'ana mndandanda wonse, chifukwa chobisala pa sikirini chimaonekabe kumeneko. Anapeza ma WhatsApp awiri, ina yake yaing'ono modabwitsa. Batani la Uninstall linali lofooka, losadinika, chifukwa pulogalamuyo inali itadzipatsa udindo pa Device admin apps. Anaulanda udindowo, anazimitsa chilolezo chake pa Accessibility, ndipo apo inachoka. Zikakanika pamenepa, foni amaiyatsa mu Safe mode, momwe mapulogalamu oikidwa ndi mwini foni sagwira ntchito, n'kuichotsera mmenemo. Zikakanikabe, chotsala ndi kusunga zithunzi kwina n'kufufuta foni yonse.

Kuchotsa pulogalamu sikubweza zimene yaona kale. N'chifukwa chake alamu, kapena kuti mnzawo uja, anasintha pasiwedi ya imelo pogwiritsa ntchito foni ina, anasintha pini ya Mpamba ndi ya ku banki, anaona pa Linked devices ngati pali chipangizo chachilendo cholumikizidwa ku WhatsApp yawo, n'kuyatsa Two-step verification. Anayeneranso kulembera magulu awo onse, la kutchalitchi, la banki m'khonde ndi la anzawo a ku sekondale, kuti linki iliyonse yochokera kwa iwo isadinidwe. Ntchito imeneyi ndiyo inawawawa kuposa zonse, poti mnzawo wa kuntchito sakanawalembera.

Pali chimodzi chimene sindikuchiseka. Amene amatumiza malinkiwa pa magulu a mabanja nthawi zambiri ndi anthu okonda abale awo. Amva kuti chinthu chitsekedwa Lachisanu, ndipo sangagone mlongo wawo wa kumudzi asanamve. Wakuba amadalira chikondi chimenecho, n'chifukwa chake uthenga wake umakhala ndi tsiku lomaliza komanso pempho loti mutumize kwa ena. Kuwanyoza anthu oterewa n'kulakwa, komanso sikuthandiza, chifukwa mawa adzatumiza linkiyo kumbali, kumene msuweni saona. Chofunika n'kuwapatsa china choti atumize, chachifupi, choti angachiwerenge opanda magalasi. Malume autumiza kale uthenga wa msuweni uja ku magulu awo onse, ndipo ndamva kuti kwina wafika utalembedwa Forwarded many times.

Ngati banja lanu lili ndi gulu, kopani ziganizo zinayi zija, muzitumize lero, adimini azikhome pamwamba kuti zisakwiririke ndi mavesi a m'mawa. Malonje mutumize pa uthenga wina.