Pasiwedi Imodzi Paliponse: Mlandu Umene Tauni Yonse Ikuweruza

Sabata siitha osamva kuti wina amubera akaunti. Chilengezo chake timachidziwa tonse: musatumize ndalama, si ine amene ndikupempha. Kawirikawiri chimafika azakhali atatumiza kale. Zikatero mlandu umazengedwa m'minibasi, kusaluni ndi pabawo, aliyense ndi chigamulo chake. Ena amati ndi anyamata okonza mafoni. Ena amalumbira kuti ndi chibwenzi chakale, poti ndani wina angadziwe chaka chimene mwana woyamba adabadwa? Alipo oloza intaneti yaulere, ndipo pampando wakumbuyo sipasowa wonena kuti izi n'zakumidima basi.

Koma afunseni oweruzawa kuti mapasiwedi ali nawo angati, muona onse akuyang'ana pawindo. Ambirife tili ndi imodzi, imene tidapanga tsiku lotsegulitsa imelo, ndipo yomweyo ili pa Facebook, patsamba lofunsira ntchito, kobetchera mpira, mwinanso kubanki.

Gulu loyamba kudziteteza ndi la anthu a pasiwedi yolimba. Amati yawo ili ndi zilembo zazikulu, manambala ndi tizizindikiro, moti ngakhale mkazi wawo sangaiganizire. Tiwapatse mphoto yawo: kuiganizira n'kovutadi. Vuto n'lakuti akubawa nthawi zambiri salosera, amakatola. Amathyola tsamba limodzi losasamalika bwino, n'kutenga mndandanda wonse wa maimelo ndi mapasiwedi. Loko wanu akhale wachitsulo chotani, ngati kiyi wake ndi yemweyo wa kunyumba, kugolosale ndi kunkhokwe, wotola kiyiyo pamsewu watola zonse zitatu.

Nkhani yodziwika bwino ndi ya LinkedIn, tsamba limene anthu amaikapo mbiri ya ntchito zawo. Lidathyoledwa mu 2012, ndipo panthawiyo mapasiwedi pafupifupi 6.5 miliyoni ndi amene adaonekera poyera. Anthu adadandaula, kenako adaiwala. Mu 2016 zidadziwika kuti katundu adabedwa anali wochuluka kwambiri: maimelo ndi mapasiwedi pafupifupi 117 miliyoni adayamba kugulitsidwa pa intaneti. Mapasiwediwo adasungidwa mobisika ndithu, koma kabisidwe kake kanali kofooka, choncho ambiri adamasulidwa mosavuta. M'chaka chomwecho akuba adalowa mu akaunti za Twitter ndi Pinterest za Mark Zuckerberg, mkulu wa Facebook, ndipo adanena kuti pasiwedi adaipeza pamndandanda wa LinkedIn. Malipoti adati inali `dadada`. Amene amati izi zimagwera osaphunzira okha amayamba kutsokomola akamva pamenepa. Kampani ya Dropbox nayo idapwetekera pomwepo: malipoti adati wogwira ntchito wina adagwiritsa ntchito pasiwedi yake ya LinkedIn kuntchitonso, ndipo zinsinsi za maakaunti opitirira 68 miliyoni zidatuluka. Onani kutalika kwa nthawi: pasiwedi yobedwa mu 2012 inali ikutsegulabe makomo zaka zinayi pambuyo pake, chifukwa eni ake sadaisinthe kwina kuja.

Gulu lachiwiri ndi la odzichepetsa. Ine ndine ndani, amatero, mu akaunti mwanga muli zithunzi za chinkhoswe basi. Kudzichepetsa n'kwabwino, koma wakubayo sakusankhani. Ali ndi pulogalamu imene imatenga imelo ndi pasiwedi pamndandanda, n'kumayesa patsamba ili ndi ilo usiku wonse osatopa. Tingoyerekeza kuti pa chikwi chilichonse imodzi yokha ndiyo yatseguka: pa miliyoni imodzi ndi maakaunti chikwi. Ndipo chimene akufuna si zithunzi za chinkhoswe, ndi dzina lanu, loti akapemphere ndalama kwa abale amene amakukhulupirirani.

Kuli gulu la ochenjera, amene amati iwo sabwereza, amangosintha kumapeto: `Chisomo1990fb` kuno, `Chisomo1990gm` uko. N'kuchenjera kwa theka. Woona yoyambayo saphika nsima asanadziwe yachiwiri, ndipo mapulogalamu aja amayesanso timasinthidwe totere.

Pa zochita ndi pamene tauni imagawikana kwambiri. Ena amati sinthani onse lero lomwe. Awa amayamba Loweruka m'mawa ali ndi mphamvu, pofika masana aiwala atatu mwa atsopanowo, n'kubwerera ku yakale ija. Ena amati madzi akatayika saoleka, palibe chochita. Ife oimba wezulo tikuti onse awiri aphonya. Maakaunti sali ofanana, ndiye kuwakonza ndi mwapang'onopang'ono, kuyambira amene ali ndi ena m'manja mwake.

Woyamba ndi imelo. Mukadina `Forgot password` pamasamba ambiri, njira yopangira pasiwedi yatsopano imatumizidwa kumeneko, kotero wolowa mu imelo yanu angathe kukutsekerani kunja kwina konse. Ipatseni pasiwedi yakeyake, yaitali, ya mawu anayi kapena asanu osagwirizana, amene sali dzina la mwana kapena la timu. Tsiku lomwelo yatsani chitetezo chachiwiri, chimene Google imachitcha `2-Step Verification`, kuti wodziwa pasiwedi afunsidwenso nambala yobwera pafoni yanu. Nambala yobwera pa uthenga wapafoni ili ndi kufooka kwake, poti alipo amene amakatengetsa simu ya munthu wina mwachinyengo, komabe ndi yabwino kuposa kukhala opanda. Manambala osungira amene amakupatsani lembani papepala, chifukwa foni imatayika.

Sabata yotsatira ikhale ya ndalama: banki, ndi manambala achinsinsi a Mpamba, Airtel Money ndi khadi, amene ambirife tidawapanga amapasa ndi nambala yotsegulira foni. Kenako Facebook ndi WhatsApp. Pa WhatsApp, `Two-step verification` imakupemphani manambala asanu ndi imodzi. Otsalawo musawathamangire. Tsiku limene mwalowa patsamba lina, sinthani pomwepo. Limene simuligwiritsanso ntchito, litsekeni. Wofuna kudziwa poyambira alembe imelo yake pa `haveibeenpwned.com`, tsamba laulere limene katswiri wa ku Australia, Troy Hunt, adatsegula mu 2013. Limasonyeza masamba othyoledwa amene imeloyo idapezekamo. Likapanda kusonyeza kanthu musavine msanga, limadziwa zakuba zokhazo zimene zidaululika.

Nanga mapasiwedi makumi awiri tiwasunga m'mutu uti? Apa mkangano umayambiranso. Achinyamata amati foni isunge, ndipo akunena zoona: ya Android ili ndi `Google Password Manager`, imene imapanga mapasiwedi, kuwasunga, n'kukuchenjezani za obwerezedwa, ndipo palinso ena aulere monga Bitwarden. Otsutsa amati kumeneko n'kuika zonse pamodzi, ndipo nawonso sakunama. N'chifukwa chake pasiwedi yotsegulira mosungiramo iyenera kukhala yosapezeka kwina kulikonse, foniyo ikhalenso yokiya. Achikulire amati kope ndi cholembera, ndipo achinyamata amawaseka. Pamenepa achikulire tiwaikira kumbuyo. Wakuba wa kutsidya kwa nyanja sangatsegule sutikesi ya pansi pa bedi. Oopsa kwa kopelo ndi a m'nyumba momwemo, ndipo amenewo mwini nyumba amawadziwa bwino.

Zizindikiro zoti wina akugogoda sizivuta kuona: nambala yolowera imene simudapemphe, uthenga woti mwalowa pa foni imene simuidziwa, kapena mnzanu kukufunsani za ndalama zimene simudabwereke. Zikatero sinthani pasiwediyo paliponse pamene idabwerezedwa, ndipo tulutsani mafoni achilendo pamndandanda wa zipangizo zolowera mu akauntiyo. Wina akaimba kuti nambala ija yabwera kwa inu molakwika, mumuwerengere, dulani foni. Pa ichi chokha, ngakhale a pampando wakumbuyo aja amavomereza, angowonjezera kuti woimbayo ayenera kuti adakhwima.