Funso Limene Aliyense Wabwera Nalo

Sabata yatha ndinali pa msonkhano wotsegulira ntchito yogawa maneti a udzudzu. Olembedwa ntchito anakhala kutsogolo, aliyense ndi botolo la madzi, pomwe odzipereka, amene anapalasa njinga kuyambira mbandakucha, anadzazana pa mabenchi akumbuyo.

Bwana anaimirira nayamba kulonjera. Analonjera a gulupu, a mfumu, a khansala, a zaumoyo, mpaka dalaivala. Kenako anati tonse ndife banja limodzi. Mayi wina pafupi nane ananong'ona kuti, "Banja lanji lomwe ena amalandira pakutha pa mwezi, ena n'kumalandira zikomo?"

Inu odzatsegulira msonkhano mawa, tamverani. Mukatha malonje, nenani zinthu zitatu: midzi ingati, ntchito ithe liti, ndipo wodzipereka akapeza vuto auze ndani. Mukatero tchulani za alawansi, kaya ilipo kaya palibe, anthu asanayambe kufunsana ndi maso. Mukabisa, mudzaona mabenchi akupepuka pa msonkhano wachiwiri, aliyense akuti kwagwa maliro.

Bwana wathu anatchula za alawansi pomaliza penipeni, Fanta atagawidwa kale. M'manja munawombedwa apo pokha.