Makoswe Salowa mu Lipoti

Munthu wa m'tauni akagwa pa njinga amadzuka msanga n'kuyamba kuyang'ana tcheni, kuti odutsa aganize kuti anatsika dala. Malipoti athu timalembanso ndi mtima womwewu. Gulu lina la banki m'khonde ku Kawale linagula chimanga mu Juni kuti lidzagulitse mu Januwale mitengo ikakwera, ndipo bungwe limene linawathandiza ndi matumba a PICS linapempha lipoti la masamba awiri okha, la zigawo zinayi: vuto, zimene munachita, zotsatira, ndi zimene ntchito yanuyi siingatsimikizire. Msonkhano wolemba masamba awiriwo unachitikira pakhonde pa a Tcheya, ndipo unatha dzuwa litalowa.

A Tcheya anabwera atalemba kale tsamba loyamba. Munali kuthokoza Mulungu, a mfumu, a khansala, alendo olemekezeka amene sanabwere, ndi mwini khonde, yemwe ndi iwo omwe. Pofika pa vuto analemba kuti: umphawi wa m'dziko muno.

"A Tcheya, umphawi sitinauike m'thumba," anatero mayi mlembi, amene anaphunzitsapo ku pulayimale ndipo saopa munthu. "Vuto lathu ndi anankafumbwe. Chaka chatha tinasunga matumba khumi, pofika Januwale anayi anali ufa wokhawokha pansi. Tilembe zimenezo: ndani, chiyani, liti, zochuluka bwanji."

A Tcheya anadandaula kuti anankafumbwe ndi nkhani yaing'ono kwambiri yoti n'kutumiza ku ofesi. Komatu mayiwo ankanena zoona. Vuto likakhala lalikulu ngati dziko, palibe amene angadziwe ngati mwalithetsa. Likakhala matumba anayi mwa khumi, wowerenga ali ndi poyambira, ndipo akafika pa zotsatira adzadziwa chofanizira.

Pa gawo lachiwiri a Tcheya anali ndi chiganizo chimene amachikonda, chomwe anachitola ku wekishopu ina ya ku Salima pamodzi ndi alawansi: anthu anaphunzitsidwa ndipo anapatsidwa mphamvu. Mayi mlembi anafunsa kuti mayi wa ku Chinsapo akawerenga zimenezi, mawa lake achita chiyani ndi chimanga chake? Kunali zii. Kenako anayamba kulemba motsatira nthawi, mmene zinachitikira. Anagula matumba 30 a makilo 50. Anapeta n'kuyanika pa mkeka. Anayesa kuuma kwake poika mbewu zingapo ndi mchere wouma m'botolo louma n'kukhutchumula: mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, ndiye kuti chimangacho chikadali ndi chinyontho, chibwerere padzuwa. Matumba 20 anathira mu PICS, lomwe lili ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Pulasitiki iliyonse anaifinya kuti mpweya utuluke, n'kuipota, kuipinda ndi kuimanga payokha, chifukwa tizilombo timafa ndi kusowa mpweya, osati ndi mankhwala. Matumba 10 otsalawo anathira m'masaka wamba ndi akiteliki.

Msungichuma anafuna kuti mitengo isalembedwe, poti nkhani za ndalama pagulu si ulemu. Anamuuza kuti ilembedwe, ndiponso ndi mwezi wake womwe. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tsono mtengo wopanda tsiku m'dziko muno ndi nthano chabe.

Mkangano weniweni unabuka pa zotsatira. A Tcheya anali atalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ntchito inayenda bwino 100 peresenti. Mayi mlembi anatsegula kope lake lakuda. Mwa matumba 20 a PICS, 17 anatsegulidwa mu Januwale chimanga chili mbee, sikelo ikusonyezabe pafupifupi makilo 50. Awiri anabooledwa ndi makoswe, mpweya unalowa, anankafumbwe nawo anadzuka. Limodzi linatsegulidwa mu Seputembala pa maliro a apongozi a a Tcheya. Mwa masaka 10 aja, atatu anafumbwa.

"Ndiye ndi 85 peresenti," anatero mnyamata wa a Tcheya, amene anaitanidwa chifukwa cha laputopu yake basi.

"Ayi mwanawe, la malirolo silinayesedwe mpaka kumapeto," anayankha mayiwo. "Silinapambane, silinalephere, linadyedwa. Tilembe kuti 17 mwa 19, ndipo tinene kumene la 20 linapita."

A Tcheya anatsokomola. Anati nkhani ya maliro ndi ya pabanja. Anati makoswe ndi chinthu chochititsa manyazi, makamaka poti matumbawo ankasungidwa m'nyumba mwawo, ndipo anthu a ku ofesi adzaganiza kuti kwa a Tcheya ndi kwauve. Anapempha kuti m'malo mwa makoswe alembe kuti panali zovuta zina ndi zina. Mawu amenewa ndi nsalu imene timafunditsa chilichonse m'tauni muno, kuyambira ngongole yosabweza mpaka banja lotha. Koma wowerenga amene wauzidwa za zovuta zina ndi zina akaunjika matumba ake pansi, atatsamira khoma, monga anachitira a Tcheya. Amene wauzidwa za makoswe akawaika pa thandala la matabwa, patali ndi khoma, n'kutchera misampha.

Gawo lachinayi anthu onse anagwirizana kuti lichotsedwe, kupatula mayi mlembi. Maganizo awo anali akuti munthu sudzinenera wekha kwa amene akukupatsa zinthu. Mayiwo anawerenga zimene anakonza, pang'onopang'ono, aliyense akuyang'ana pansi pamene mbali yake ikutchulidwa. Ntchitoyi yachitika nyengo imodzi yokha, pa matumba ochepa. Chimanga cha mu PICS chinagulidwa ku Mitundu, cha m'masaka chinachokera kumunda kwa mlamu wa msungichuma, choncho n'kutheka kuti china chinabwera ndi tizilombo kale. Masaka wamba anasungidwa m'nyumba ina, imene denga lake limadontha. Akiteliki anagulidwa kwa venda pamsika, m'kabotolo kopanda chizindikiro, ndipo palibe angalumbire kuti sanali phulusa. Masaka amenewo sanayezedwe pa sikelo poyamba, tsono sitinganene kuti anachepa ndi makilo angati.

"Ndiye mwatsala ndi chiyani, amayi? Mwagwetsa ntchito yonse!" anakuwa a Tcheya.

Sanagwetse. Chimene chinatsala ndi chimene gululo likhoza kuchiimira pamaso pa aliyense: matumba a PICS amene sanabooke anasunga chimanga chouma miyezi 7 popanda mankhwala. Chimene sakananena n'chakuti PICS yaposa akiteliki, chifukwa chimanga, nyumba ndi mankhwala zonse zinali zosiyana, ndipo sungadziwe kuti wolakwa ndi uti. Kuti adzanene zimenezo chaka chamawa, ayenera kugula chimanga malo amodzi, kuchisakaniza, kuyeza thumba lililonse, kugula mankhwala m'sitolo yovomerezeka, ndi kusunga zonse m'chipinda chimodzi. Mayiwo analemba zimenezinso, m'mizere itatu.

Anavota. Makoswe analowa mu lipoti ndi mavoti asanu ndi awiri kwa anayi. Apongozi anatchulidwa kuti mwambo wa m'mudzi, zimene mayi mlembi anazilola atatopa. Zothokoza zinafinyidwa mpaka mzere umodzi, koma a Tcheya anaumirira kuti chithunzi cha pachikuto chikhale cha iwo atavala suti, dzanja lili pa thumba. Mnyamata wa laputopu anawajambula ndi foni, ndipo chithunzicho chinatumizidwa usiku womwewo. Thumba limene anasankha, poti ndilo linali pafupi ndi khomo pomwe pali kuwala, linali limodzi mwa awiri obooka aja.