Nyerere za m'foda ya zithunzi

Akuluakulu amene anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere sanagwirepo kompyuta, koma ankanena za foda yanga ya zithunzi.

Foni yakale, yong'aluka galasi, inali itasenza zithunzi zabanja za zaka zisanu ndi chimodzi. Nditafuna kuzikopera pakompyuta, chingwe choyamba chinali chongotchajira, kompyuta osaiona foniyo n'komwe. Chachiwiri chinagwira nditasankha File transfer pafoni. Ndinalowa mu DCIM, kenako Camera, n'kusankha Copy osati Cut, poti magetsi akathima zinthu zili pakati, wodula amalira kuposa wokopera. Pofika madzulo zithunzi 3,000 zinali ndandanda pakompyuta. Mkuyu wakupsa psuu!

Nditazisanja potsata Date created, nyerere zinatuluka. Malinga ndi kompyuta, tinakwatirana Loweruka, mwana n'kubadwa Loweruka lomwelo, n'kuyamba sukulu dzuwa lisanalowe. Chikhala kuti apongozi anaona, bwenzi nkhaniyi ili kwa ankhoswe.

Kompyuta sinaname ayi. Date created ndi tsiku limene failo yafika pakompyutapo, ndipo zonse zinafikadi Loweruka. Tsiku lojambula limakhala m'kati mwa chithunzi momwe, m'kalembera wobisika wotchedwa EXIF amene kamera imalemba. Pa Windows, ikani foda pa Details, dinani batani lakumanja la mausi pamzere wa mitu pamwambapo, muwonjezere Date taken. Mukasanja ndi imeneyi ukwati umabwerera ku 2016, mwana n'kudikira nthawi yake.

Nyerere zoluma zenizeni zinali m'foda ya WhatsApp Images, imene ndinakoperanso. WhatsApp imachotsa kalembera uja potumiza chithunzi, ndiye pa Date taken pamangokhala mbee. Chotsala ndi dzina, monga IMG-20190825-WA0007.jpg: chaka, mwezi, tsiku. Koma limenelo ndi tsiku limene chithunzi chinalowa m'foni mwanu, osati lojambulidwa. Chithunzi cha dzina limeneli ndi cha ukwati wathu. Azakhali anachisunga zaka zitatu, n'kudzachitumiza atakumbukira kuti anaoneka bwino m'chitenje chija. Ndikanakhulupirira dzinalo, ndiye kuti ndinalowa m'tchalitchi ndi velo mwana akuthamanga kale pabwalo.

Zoterezi n'zokonza ndi manja. Pa chithunzi cha JPG mumatsegula Properties, kenako Details, n'kulembamo nokha tsiku pa Date taken. Tsikulo mumalifufuza ngati wapolisi: mano a mwana, chimanga chakuseri kwa nyumba ngati chili chachiwisi kapena chouma, denga ngati linali la udzu kapena la malata. Ndinakonza 40, khosi n'kuuma, zotsalazo ndinazithira m'foda ya dzina loti Zosadziwika.

M'menemo muli chithunzi cha mbuzi yakuda. Bambo a kunyumba akuti ndi imene tinadya paukwati. Ine ndikuti ndi ija ikudya masamba anga kudimba pano.