Za Munthu Wamba, Wayifayi Yaulere ndi Tsamba Losatulukira

Pakati pa mavuto amene akatswiri a maphunziro sanawafufuze mokwanira pali vuto la munthu wamba amene foni yake yagwira wayifayi yaulere ya pa malo ogona alendo kapena pa bwalo la ndege, mizere yonse ya netiweki yadzaza, koma uthenga wa pa WhatsApp wangoima ndi kachizindikiro ka wotchi. Mlembi wa danga lino, yemwe ali m'gulu la anthu amene amafunsa za wayifayi asanapereke moni, ndi woyenera kufotokoza nkhaniyi, popeza bandulo yake imatha mwezi usanafike pakati ndipo moyo wake wa pa intaneti umadalira chifundo cha eni malo.

Choyamba kuchimvetsa n'chakuti kugwira wayifayi ndi kulowa pa intaneti ndi zinthu ziwiri zosiyana. Malo ambiri a anthu onse amaika tsamba lolowera, lomwe ndi tsamba limene mlendo amalembapo nambala ya chipinda, nambala ya pa vocha, kapena kungovomereza malamulo amene sanawawerenge, ndipo kufikira atatero rauta, kabokosi kogawa netiweki kaja, salola kanthu kudutsa. Tsambali lili ngati mlonda wa pa geti wokhala ndi buku la alendo: amene sanasayine sapita patsogolo, ndipo amene wazembera mlondayo podzera njira ya kuseri amapeza kuti kuseriko kuli mpanda.

Foni imadziwa kuti pali tsamba lotere pogwiritsa ntchito kayeso kakang'ono kamene imachita yokha ikangolumikizika. Foni ya Android imafunsa adiresi monga connectivitycheck.gstatic.com/generate_204 n'kuyembekezera yankho lopanda kanthu la nambala 204, ya Apple imafunsa captive.apple.com n'kuyembekezera liwu lakuti Success, pamene kompyuta ya Windows imafunsa www.msftconnecttest.com. Yankho likabwera monga mwayembekezera, foniyo imadziwa kuti njira ndi yotseguka, koma rauta akalanda funsolo n'kubweza tsamba lake, foni imatulutsa uthenga wakuti Sign in to Wi-Fi network. Uthenga umenewu ndi umene munthu wamba amaukankhira kumbali ndi chala, mwaluso lomwe amakankhira mauthenga omukumbutsa za ngongole ya mayunitsi, kenako n'kuyamba kudandaula kuti dziko lino silidzatukuka.

Akataya uthengawo, munthu wathuyu amatsegula bulawuza, pulogalamu yoonera masamba ija, n'kulemba dzina la tsamba lotchuka, poganiza kuti tsamba lolowera libwera lokha monga zinkakhalira kale. Apa mpamene pagona nkhani. Masamba ambiri masiku ano amayamba ndi https, kutanthauza kuti zokambirana za foni ndi tsambalo ndi zobisika, ndipo tsambalo liyenera kuonetsa satifiketi yotsimikizira kuti ndi lenilenidi. Rauta wa pa malo ogona alendo alibe satifiketi ya Google kapena Facebook, choncho akayesa kudziika pakati, bulawuza imachenjeza kuti kulumikizanaku n'kokayikitsa, kapena imangozungulira mpaka kutopa. Masamba ena akuluakulu anauziratu mabulawuza kuti asawatsegule konse m'njira yosabisika, mwa lamulo lotchedwa HSTS, moti ngakhale munthu achotse chilembo s ndi dzanja lake, bulawuza imachibwezeretsa mwakachetechete.

Chifukwa chachiwiri cholepheretsa tsamba lolowera kutuluka n'chopweteka kwambiri chifukwa chimachokera ku nzeru za mwini foni. DNS ndi dongosolo limene limasandutsa dzina la tsamba kukhala nambala imene makina amaimva, ndipo masamba olowera ambiri amadalira kuti foni ifunse mayina kwa rauta wa pamalopo. Kuyambira pa Android 9, yomwe inatuluka mu 2018, mafoni ali ndi gawo lotchedwa Private DNS, ndipo munthu wamba, atamva kwa mphwake wa ku koleji kuti kulembamo dns.google kapena dzina la seva yoletsa zotsatsa malonda ndi chizindikiro cha munthu wozindikira, analemba, n'kuiwala. Zotsatira zake n'zakuti bulawuza imakana kufunsa rauta, imafuna kufunsa kunja, pamene kunjako sikungafikike munthu asanasayine. Chimodzimodzinso laputopu imene inalembedwa 8.8.8.8 kapena 1.1.1.1 pa malo a DNS. VPN, pulogalamu imene imakulunga zonse zotuluka mu foni n'kuzitumiza kwa seva yakutali, imachita zomwezo mwaukali woposa, makamaka ngati pa Android anatsegula Block connections without VPN, pakuti pamenepo foni yalumbira kuti siyankhula ndi wina aliyense kupatula seva imene singathe kuifikira.

Chitsanzo chingathandize. Tiyerekeze nthumwi ya ku msonkhano wa kunyanja, imene yabwerera alawansi ndi intaneti mofanana, ndipo foni yake ikunena kuti Connected, no internet. Mwambo wake ndi wodziwika: imakweza foni m'mwamba, imasuntha mpando kuyandikira zenera, imazimitsa ndi kuyatsa, kenako imapita kwa wolandira alendo n'kunena ndi mawu a munthu wolakwiridwa kuti, "Achimwene, wayifayi yanuyi ndi yakufa." Mnyamatayo, yemwe foni yake ikuonetsa mpira pa netiweki yomweyo, amayankha mwaulemu kuti, "Pepani bwana, ena onse alowa."

Chimene nthumwiyo iyenera kuchita chili ndi dongosolo lake. Iyambe yazimitsa deta ya pa simu, chifukwa foni ikaona kuti wayifayi ilibe intaneti imabwerera mwakabisira ku bandulo, ndipo munthu amakondwa kuti zatheka pamene akudya zake zomwe. Kenako izimitse VPN, isinthe Private DNS kukhala Off kapena Automatic, isankhe Forget pa dzina la netiwekiyo n'kulumikizanso, kuti kayeso kaja kachitike mwatsopano. Uthenga wolowera ukapanda kubwera, itsegule bulawuza n'kulemba adiresi imene siibisa zokambirana zake:

```
http://neverssl.com
```

Tsamba limeneli linapangidwira ntchito yomweyi, ndipo poti lilibe chobisa, rauta amatha kulilanda n'kuika tsamba lolowera m'malo mwake. Adiresi ya http://captive.apple.com imagwiranso ntchito yomweyo pa foni ya mtundu uliwonse. Zikakanikabe, nthumwiyo iyang'ane tsatanetsatane wa netiwekiyo, ipeze nambala yolembedwa pa Gateway kapena Router, monga 192.168.1.1, n'kuilemba mu bulawuza, pakuti pa malo ena tsamba lolowera limakhala pa nambala imeneyo.

Pali nthawi imene munthu wamba amakhala wosalakwa, ndipo chilungamo chifuna kuti itchulidwe ngakhale ndi yosowa. Ngati adiresi imene chipangizo chalandira ikuyamba ndi 169.254, kapena foni yangoima pa Obtaining IP address, ndiye kuti rauta sanaipatse nambala, kawirikawiri chifukwa nambala zimene amagawa zatha ndi kuchuluka kwa nthumwi, aliyense ndi mafoni awiri ndi laputopu. Pamenepo palibe chimene mwini foni angakonze, ndipo ali ndi ufulu wonse wobwerera kwa wolandira alendo ndi nkhope ija, kukapempha kuti woyang'anira makina ayatsenso rauta.

Owerenga amene alowa bwinobwino akumbukire kuyatsanso VPN ndi Private DNS asanatsegule za kubanki, chifukwa netiweki imene aliyense walowapo mwaulere si malo oonetserapo ndalama, ngakhale zitakhala zochepa ngati za mlembi wa danga lino.