Kalata Yodandaula za Maberingi

Kalata yodandaula za maberingi imabadwa kawiri. Koyamba imabadwa m'Chichewa, pakamwa pa mwini chigayo amene mota yake yaima. Kachiwiri imabadwa m'Chingerezi, pa kompyuta ya mphwake amene anafika Fomu 4, popeza wogulitsa masipeya ali ku Joni ndipo Chichewa sachimva. Pakati pa kubadwa kuwiriku, mkwiyo umatayika.

Mlandu weniweni umakhala pa nambala. Pa koteshoni analembapo 6206-2RS C3, koma m'katoni munatuluka 6306-ZZ. Manambala awiri omalizira, 06, akachulukitsidwa kasanu amapereka kukula kwa bowo la pakati, mamilimita 30. Apa maberingi onse awiri ndi ofanana, ndipo pa shafuti onse amalowa bwinobwino, n'chifukwa chake tsiku loyamba pachigayo pamakhala chimwemwe. Kusiyana kuli pa nambala yachiwiri. Beringi ya 6206 kunja kwake ndi mamilimita 62, kuchindikala 16, pamene ya 6306 kunja ndi 72, kuchindikala 19. Ya 6306 m'malo a beringi a pachivundikiro cha mota silowa, ngakhale makaniko ataibweretsera hamala yaikulu, zimene amayesa ndithu asanavomereze.

Zilembo zotsatira nazo zili ndi ntchito. 2RS ikutanthauza kuti mbali zonse ziwiri zatsekedwa ndi labala, yomwe imasunga girisi ndi kutchinga fumbi. ZZ ndi tizitsulo totchinga tosiya kampata, ndipo pachigayo, pomwe ufa umalowa ndi m'makutu momwe, kampatako ndi khomo. Ufa ukasakanikirana ndi girisi, beringi imayamba kulira ndi kutentha. C3 ndi mpata wowonjezera m'kati mwa beringi, wochepa kuposa tsitsi, woti zitsulo zikafufuma ndi kutentha zisamangane.

Zonsezi mwini chigayo amazidziwa, koma mwambo sulola kuyamba nazo. Ndime yoyamba ya kalata ndi malonje: amafunsa za moyo wa abwana, wa amayi kunyumba ndi wa ana, ngakhale sakudziwa ngati alipo. Yachiwiri ndi yothokoza kuti katundu anafika bwino, zimene n'zoona, chifukwa katoniyo sinang'ambike. Dandaulo limalowa m'ndime yachitatu, chogwada, ndipo limayamba ndi “pepani”. Mawuwa mphwake amawamasulira monga anaphunzirira kusukulu, mwakuti m'Chingerezi wolakwiridwa ndi amene amapepesa.

Kenako pamabwera “pang'ono”. M'tauni mawuwa alibe muyeso. Minibasi yonyamuka pang'ono pompa imatha ola pa siteji, ndipo wodwala amene akupezako pang'ono angakhale ali pa mpweya. Choncho mwini chigayo akanena kuti maberingi asiyana pang'ono, mnzake wa ku Ndirande amamva kuti zinthu zavuta kwambiri. Wa ku Joni amamva kuti mamilimita 10 ndi nkhani ya utoto wa katoni.

Womasulira naye amaikapo luso lake. Amafunsa kuti, “Amalume, zilembozi n'zofunika?” Amalume ali pa foni ndi makasitomala amene chimanga chawo chagona pachigayo, amangogwedeza mutu, ndipo kugwedezako kumamasuliridwanso. 2RS ndi C3 zimachotsedwa chifukwa kompyuta yazilemba mzere wofiira kunsi. M'malo mwake mumalowa mawu ataliatali a m'dikishonale, osonyeza kuti fizi sinapite pachabe. Mwambi woti chakudza sichiyimba ng'oma umasanduka chiganizo chonena za ng'oma, ndipo wogulitsa amafufuza m'mabuku ake ngati anatumizako ng'oma ku Malawi.

Kalata yoti igwire ntchito imafuna zochepa: nambala ya invoisi, nambala yomwe anagwirizana ndi imene yafika, zolembedwa motsatana, miyeso ya pa veniya, chithunzi cha nambala yodindidwa pa beringiyo, ndi pempho limodzi lomveka, kusintha katundu kapena kubweza ndalama, pamodzi ndi tsiku lake. Pamafunikanso kuti maberingiwo akhale m'mapaketi awo, chifukwa ogulitsa salandira beringi yokhala ndi zipsera za hamala. Kalata yotere imakwana theka la pepala, ndipo mwini chigayo amaikana kuti ndi yamwano.

Yankho la kalata yaulemu ija limafika patapita milungu iwiri. Wogulitsa amathokoza chifukwa cha mawu abwino, amalandira kupepesako, ndipo amafunsa ngati akufunanso katoni ina ya 6306. Mphwake amamasulira kuti abwana apereka moni. Pofika nthawiyi makaniko amakhala atapeza kale 6206 yakale pamsika wa masipeya, waitsuka ndi parafini, ndipo maberingi atsopano aja akupsinja malisiti patebulo kuti asauluke.