Mawu apansi pa chithunzi cha ku Kameza

Anzanga amene tinalembera limodzi mayeso a MSCE zaka 20 zapitazo andituma kuti ndilembe mawu apansi pa chithunzi chathu, poti ine ndiye ndinkakhoza chimangirizo. Ntchito yake njovuta kuposa mayeso a MANEB.

Tinakumana Loweruka ku Kameza, pa msewu wopita ku bwalo la ndege la Chileka. Tinagwirizana 10 koloko m'mawa. Wa ku Machinjiri, wapafupi kuposa tonse, anafika 2 koloko masana. Ndi yemwe uja ankaliza belu.

Pa chithunzi cha Fomu 4 tinakwana mzere umodzi anthu khumi, owonda ngati nsungwi chifukwa cha mgaiwa ndi nyemba zofumbwa. Lero anthu omwewo tafuna mizere iwiri, ndipo wojambula anabwerera m'mbuyo mpaka anaponda m'ngalande. Amene tinkametedwa mpala mokakamizidwa, pano mpala ukubwera wokha, waulere. Mnzathu amene ankasinthanitsa ndiwo zake ndi shuga wa m'phala anakana Fanta, ati adokotala anamuletsa.

Chovuta ndi maina. Ndilembe "Kadzidzi", dzina lomwe tinapatsa mnzathu wina poti ankawerenga usiku miyendo ili m'beseni la madzi ozizira? Pano ndi abusa ku Bangwe, ndipo mayi abusa anaima pambali pawo. Tsiku lonse tinkangoti "abusa", "achimwene", "bwana", mpaka bilu itabwera. Pamenepo aliyense anakumbukira kuti masamu ankam'vuta.

Ndiye ndalemba chonchi: "Kuchokera kumanzere: omwe aja. Wachitatu sanalipirebe."